Machesi azima, dzuwa lituluka: zimene zimachitika pamene filimu yadulidwa

Filimu sijambulidwa mmene timaionera. Imajambulidwa m'zidutswa, ndipo chidutswa chimodzi ndi zonse zimene kamera yatola kuyambira pamene yayatsidwa mpaka pamene yazimitsidwa. Mkonzi wa filimu amasankha zidutswa zoti zilowe, chiti chitsogole, ndiponso kuti chilichonse chikhale nthawi yaitali bwanji. Malo amene chidutswa china chathera ndipo china chayambira, popanda chilichonse pakati, ndi amene amatchedwa kati, kutanthauza podula.

Kuti timvetse kuchepa kwa zinthu zimene mkonzi amayeza, tikumbukire kuti filimu ya m'nyumba zoonetsera kanema imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Chithunzi chimodzi chotere amachitcha felemu. Mkonzi amawerenga ntchito yake m'mafelemu, osati m'mphindi.

Chitsanzo chimene ndikufuna tikhalepo nthawi chili mu filimu ya Lawrence of Arabia ya mu 1962, imene anaitsogolera David Lean ndipo anaikonza Anne V. Coates. Msilikali wa ku Britain, T. E. Lawrence, ali mu ofesi ku Cairo pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo wangopatsidwa kumene ntchito yopita ku chipululu cha Arabia. Mkulu amene akumutuma akumuchenjeza kuti chipululu ndi ng'anjo. Lawrence wagwira kamtengo ka machesi koyaka, kamera ili pafupi ndi nkhope yake, ndipo akuuzira motowo. Pomwepo filimu yadulidwa. Chimene tikuona tsopano ndi thambo lofiira la mbandakucha, nthaka yakuda m'munsi, ndipo pang'onopang'ono dzuwa likutuluka.

Taonani zimene zadumphidwa. Sitinaone Lawrence akulongedza katundu, akutsazika, kapena ali pa ulendo. Komabe palibe woonera amene amasokonezeka, chifukwa pali chingwe chomanga zidutswa ziwirizi: moto waung'ono wafa, moto waukulu wabadwa, ndipo mtundu wake ndi wofanana. Kudula kotere, kolumikiza zithunzi ziwiri chifukwa zikufanana maonekedwe, mtundu kapena kayendedwe, ndi kumene amakutcha machikati. Dzinali silichokera ku machesi ayi. Mu Chingerezi liwu la machesi ndi la kufananitsa ndi limodzi, ndiye zinangochitika kuti chitsanzo chotchuka chili ndi machesi enieni.

Pali china chimene chimapereka mphamvu pamenepa. Kumayambiriro kwa filimuyi Lawrence amazimitsa machesi ndi zala zake, ndipo mnzake atayesa kutengera amapsa n'kudandaula. Choncho woonera akudziwa kale kuti munthuyu amasewera ndi moto ndipo amanyadira kupirira ululu. Pamene kamoto kaja kasanduka dzuwa, filimu yanena chinthu chimene palibe wosewera amene wachilankhula: uyu akupita ku moto umene sangaukanize ndi zala. Mfundo imeneyi simungaipeze mu chidutswa cha machesi pachokha, ndiponso mulibe mu chidutswa cha dzuwa. Imabadwira polumikizira.

Poyamba sanakonze kuti pakhale kudula. Anafuna kuti chithunzi cha machesi chizimiririke pang'onopang'ono pamene cha chipululu chikuonekera, monga zinkachitikira kawirikawiri posonyeza kuti papita nthawi. Masiku amenewo kusungunula zithunzi kotere kunkapangidwa padera kumalo otsukira filimu, ndiye podikira, zidutswazo ankangozimata. Lean ndi Coates ataziona zili zomata chonchi anazikonda. Coates ankafotokoza kuti Lean anamuuza kuti zatsala pang'ono kukhala bwino, ndipo iye anakachotsako mafelemu awiri okha. Mafelemu awiri pa 24 ndi gawo limodzi mwa magawo 12 a sekondi. Zikumveka ngati nthabwala, koma woimba ng'oma aliyense akudziwa kuti dzanja likachedwa pang'ono chabe, ovina amamva m'miyendo ngakhale sangathe kunena chalakwika. Kudula kukafulumira, diso silinatsimikize kuti moto wazima. Kukachedwa, timaona nkhope ya munthu amene wamaliza kuuzira, ndipo dzuwa limafika ngati nkhani ina. Mvetseraninso phokoso: mpweya wa Lawrence sukuthera podulira, ukuolokera ku chipululu, ndipo khutu likuthandiza diso kuoloka.

Kuthamanga kwa filimu kumachokera pa kutalika kwa zidutswa poyerekeza ndi zoyandikana nazo. Kudula kwa machesi n'kwadzidzidzi, koma chidutswa chotsatira n'chachitali ndi chodekha: timadikira dzuwa, nyimbo za Maurice Jarre zikukwera, kenako tikuona milu ya mchenga ndi ngamira ziwiri zooneka ngati nyerere. Ine ndimaona kuti kudikirako ndi theka la ntchito yonse. Dzuwa likanangoonekera kwa sekondi imodzi, tikanadziwa kuti tafika ku chipululu, koma sitikanamva kukula kwake.

Anthu oyamba kuphunzira nkhaniyi mozama anali a ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1920. Lev Kuleshov anatenga chidutswa chimodzi cha nkhope ya wosewera Ivan Mozzhukhin n'kuchilumikiza ndi zinthu zosiyana. Monga anafotokozera wophunzira wake Vsevolod Pudovkin, zinthuzo zinali mbale ya msuzi, mayi womwalira ali m'bokosi, ndi mwana akusewera. Oonera anayamikira wosewerayo chifukwa cha kulingalira kwake pa msuzi, chisoni chake pa maliro ndi kumwetulira kwake poona mwana, pamene nkhope inali yomweyo.

Kuchokera apa n'kosavuta kumvetsa montaji, liwu lochokera ku Chifalansa lotanthauza kumanga chinthu polumikiza zigawo. Sergei Eisenstein ankakhulupirira kuti zidutswa ziyenera kuombana kuti pabadwe ganizo latsopano. Mu Battleship Potemkin ya mu 1925, asilikali atatha kuombera anthu pa masitepe a ku Odessa, sitima yankhondo ikubwezera ndi mizinga, ndipo tikuona mikango itatu yosema pamwala motsatizana mofulumira: wina wagona, wina wadzutsa mutu, wina wanyamuka. Palibe mwala umene wasuntha, koma diso likuona mkango umodzi ukudzambatuka. Masiku ano liwuli limagwiritsidwanso ntchito pa tizidutswa tambiri tofupikitsa nthawi, monga pamene wankhonya wa mu Rocky ya mu 1976 akukonzekera mpikisano ndipo masabata athera m'mphindi zochepa. Imeneyo ndi montaji yofulumizitsa nkhani. Ya Eisenstein inali yotsutsa ndi kukopa maganizo.

Amene mumalumikiza mavidiyo pa foni mungayese zimenezi lero lomwe. Jambulani munthu akukhala pampando kawiri, koyamba muli patali, kachiwiri muli pafupi ndiponso mwasunthira cham'mbali. Mukadula iye atakhala kale, kudulako kumaonekera. Mukadula ali pakati potsika, diso limatsatira thupi ndipo siliona polumikizira. Ngati kamera sinasunthe mokwanira pakati pa zidutswa ziwirizo, munthuyo amaoneka ngati wanjanja. Akatswiri amati isunthe madigiri osachepera 30. Ndipo ngati mu chidutswa choyamba akuyenda kulowera kumanja, m'chachiwiri kumanzere, woonera adzaganiza kuti wabwerera. Mukakayikira, zimitsani mawu, onerani katatu, kenako sunthani podulira ndi mafelemu awiri n'kuoneranso.