Musagule foni pongoona 100% ya batire

Achinyamata inu amene mukusaka foni yakaunjika ku msika wa Chisokone ku Kitwe kapena kwa Masala ku Ndola, ndimakuonani momwe mumachitira. Wogulitsa akakupatsani iPhone m'manja, mumathamangira ku Settings, kenako Battery, kenako Battery Health, ndipo mukangoona Maximum Capacity ili pa 100% mtima umakhala pansi, ndalama nkutulutsa. Dekhani kaye, ana anga. Nambala imeneyo foni siiyeza monga sikelo iyezera ufa. Imachita kuyerekeza, ndipo kuyerekeza kumatha kuphonya.

Nambalayi imafanizira moto umene batire ingasunge lero ikadzaza ndi umene inkasunga ili yatsopano. Tengani iPhone 11. Batire yake imachoka kufakitale ndi 3110 mAh. Ikamaonetsa 82%, ndiye kuti lero imadzaza ndi 2550 mAh basi. Pakona pa sikirini padzalembedwabe 100% mukaitchaja, chifukwa chigubu chodzaza ndi chodzaza ndithu, kungoti chigubucho chachepa.

Nanga 2550 imeneyo foni imaidziwa bwanji? Mkati muli kachipangizo kamene kamawerenga magetsi onse olowa ndi otuluka m'batire, uku kakuyang'ananso mphamvu ya mavolti ndi kutentha. Batire ikapuma kwa kanthawi, mavolti ake amasonyeza pamene moto wafika. Tinene kuti kaona kuti moto uli pa 20%, inu nkutchaja mpaka 80%, ndipo iko kawerenga kuti mwalowa 1530 mAh. Ngati 1530 ndi magawo 60 pa 100, batire yonse ndi 2550. Gawani 2550 ndi 3110, mupeza 82%. Masamu ake ndi omwewo.

Koma taonani pamene zimapotokera. Ngati kachipangizoko kaphonya pang'ono, nkuganiza kuti moto wakwera ndi magawo 57 osati 60, yankho likhala 2684 mAh, yomwe ndi 86%. Batire ndi yomweyo, nambala ziwiri. Nchifukwa chake sindifuna muzilipira ndalama zoonjezera kaamba koti foni iyi ili pa 88 pamene inzake ili pa 85. Nchifukwa chakenso nambalayi imatha kukhala malo amodzi miyezi ingapo kenako nkugwa kamodzinkamodzi. Batire inali kukalamba masiku onsewo. Foni yangopeza mpata wowerengera bwino. Ngakhale a Apple eni ake mu 2021, ndi iOS 14.5, anakonzanso kawerengedwe ka nambalayi pa mafoni a iPhone 11 chifukwa ena ankaonetsa zolakwika.

Kutchaja kwa apa ndi apo, mphindi khumi magetsi akabwera, mphindi zina pa pawabanki, monga tinkachitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, sikuononga batire. Kumangosowetsa kachipangizo kaja mtunda wautali woyezerapo. Chimene chimaonongadi ndi kutentha. Foni yotchajidwa pa dashibodi ya minibasi dzuwa la Okutobala lili pamutu, kutentha kutapitirira madigiri 35, imakalamba msanga ndipo sibwereranso.

Tsopano za 100% ija. A Apple amati batire ya iPhone 14 ndi akale onse inapangidwa kuti itsale ndi 80% ikazungulira maulendo 500 odzaza, ndipo kuyambira iPhone 15 ndi maulendo 1000. Ulendo umodzi ndi kugwiritsa ntchito moto wokwana 100%, kaya tsiku limodzi kaya theka lero theka mawa. Ndiye iPhone 11 inatuluka mu 2019. Yokandikakandika m'mbali, galasi lotha, ingakhale bwanji pa 100%? Mwina batire anasinthadi, zomwe sizoipa. Koma pali timakina timene okonza mafoni ena amagwiritsa ntchito kufufuta mbiri ya batire yakale kuti iwerenge ngati yatsopano. Pakatha masabata angapo foni imawerengeranso, nambala nkutsika, wogulitsa atadya kale ndalama.

Funsani mwaulemu kuti, "Bwana, batire munasintha liti?" Kenako lowani ku Settings, General, About, muone ngati pali Parts and Service History. Mawu akuti Unknown Part akutanthauza kuti foni siikutha kutsimikizira batireyo, choncho nambala yake musaidalire. Mukatero, ipatseni ntchito pomwepo: walitsani sikirini mpaka kumapeto, jambulani vidiyo mphindi khumi, muone moto watsika motani. Batire yotopa imalephera kupereka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndiye moto umadumpha, mwina kuchoka pa 40 kufika pa 25, kapena foni imangozima moto ulipo. Yang'ananinso m'mbali ngati sikirini yayamba kutukuka, chifukwa batire yotupa ndi yoopsa ndipo njoyenera kuchotsa msanga.

Amene muli ndi Tecno, Itel kapena Samsung yosaonetsa nambalayi, pulogalamu ya AccuBattery imachita masamu omwe aja. Musakhulupirire yankho la tsiku loyamba. Ipatseni matchajidwe angapo aatali, kuyambira pansi pa 20% kukwera, ndipo nambala ikasiya kusinthasintha, imeneyo ndiyo yoyandikira zoona.