Pulogalamu yoyeserera ndi pulogalamu yomalizika

Bwato longosemedwa kumene salikwezamo anthu ndi matumba tsiku lomwelo kuti liwoloke Shire. Amayamba aliyesa m'mphepete kuti aone ngati likulowa madzi. Mapulogalamu a pafoni nawonso amayesedwa. Mu Play Store mukaona mawu akuti Early access, dziwani kuti pulogalamuyo akuikonzabe, ndipo zinthu zina sanaziikemo. Mawu akuti Beta amasonyeza kuti pulogalamuyo inatuluka kale, koma zatsopano zake azipereka kwa anthu ochepa kuti apeze zolakwika. Yomalizika ndi imene eni ake akhutira nayo n'kuipereka kwa aliyense. Kuyesa kotereku n'kofunika chifukwa mafoni ndi osiyana. Pulogalamu imene ikuyenda bwino ku ofesi kwa oikonza ikhoza kuuma pa foni ya itel yodzaza zithunzi, pamalo pamene netiweki imabwera n'kupita ngati kumidzi ya ku Nsanje.

Ena amati makampani amachedwetsa dala zinthu kuti anthu azilakelake. Koma taonani zimene zinachitika ku India. Mu February 2018 WhatsApp inayamba kuyesa njira yotumizirana ndalama ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Chaka chomwecho banki yaikulu ya dzikolo inalamula kuti zolembedwa zonse za malipiro zizisungidwa m'dziko momwemo. Kampaniyo inayenera kukonza zimenezi ndi kudikira chilolezo, ndipo njirayo inatsegulidwa mu November 2020, komabe kwa anthu osapitirira 20 miliyoni. Zaka zoposa ziwiri zimenezi zinapindulira makampani ena opikisana nayo, choncho sikunali kufuna kwake. Enanso amati ngakhale yomalizika imavuta nthawi zina. N'zoona, n'chifukwa chake zosintha amazitumiza pang'onopang'ono, kuti vuto likaoneka aimitse lisanafike kwa onse. Mnzanu akalandira chatsopano inu musanalandire, foni yanu sinaonongeke ayi.

Chenjezo ndi ili. Ngati foni yanu ndi imodzi yomweyo imene mumalandirira ndalama za thonje kapena za ana pa Mpamba ndi Airtel Money, musadine Join pansi pa mawu akuti Join the beta. Pulogalamu yoyeserera imasinthidwa pafupipafupi, ndipo kusintha kulikonse kumadya bando. Ikayamba kudzitseka yokha inu n'kufuna kubwerera ku yomalizika, nthawi zambiri pamafunika kuifufuta kaye, ndipo mauthenga amene simunasunge amapita. Samalaninso ndi anyamata a pamsika wa Nchalo kapena Bangula amene angakuikireni GB WhatsApp n'kumati ndi yatsopano. Imeneyo si yoyeserera ya eni ake, ndi yokopera, ndipo nambala yanu akhoza kuitseka. Kuyesa asiyireni amene ali ndi foni yachiwiri, inu dikirani yomalizika.

Mafunso

1. Kodi Early access ndi Beta zimasiyana bwanji?
2. N'chiyani chinachedwetsa njira yotumizirana ndalama ya WhatsApp ku India?