Kutaipa Tsamba Lojambulidwa Osasokoneza Mizere ndi Ndime

Mphunzitsi mnzanu wakutumizirani pafoni chithunzi cha tsamba la buku. Patsambapo pali nkhani ya ndime zitatu, mizere 18, ndipo funso lina likufunsa tanthauzo la mawu a mumzere 7. Mukangotaipa mosalekeza, kompyuta imadula mizere pomwe yafuna. Mawu aja akhoza kugwera mumzere 6, ophunzira n'kulakwa funso pachifukwa chosakhala chawo.

Mu Word chitani motere. Mzere ukatha pachithunzipo, dinani Shift+Enter. Ndime ikatha, dinani Enter yekha, kupatula pa ndime yomaliza. Ndime yatsopano mudzaizindikira poona mzere woyambira m'kati pang'ono, kapena mpata pamwamba pake. Mawu amene adulidwa ndi kamzere kumapeto kwa mzere, asiyeni choncho.

Mukamaliza, dinani Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zioneke. Pankhani yathuyi muyenera kupeza ¶ zitatu ndi ↵ zokwana 15. Mzere wopanda chizindikiro kumapeto ndiye kuti wasefukira m'munsi. Chepetsani zilembo kuchoka pa 12 kufika pa 11 kuti ukwane.

Ntchito: Jambulani tsamba la buku limene mukuphunzitsira, litaipeni, kenaka yerekezani mzere 7 wanu ndi wapachithunzi.