Bonongwe ndi Miyala ya mu Impso

Bonongwe ndi sipinachi ndi masamba opatsa thanzi, koma ali ndi mchere wambiri wachilengedwe wotchedwa okizaleti. Mcherewu ukalowa m'magazi, impso zimausefera mu mkodzo, momwe umagwirana ndi kashiyamu. Mkodzo ukachepa, monga zimachitikira kwa wolima padzuwa osamwa madzi, timibulu timeneti timaundana mpaka kusanduka mwala.

Amene sanadwalepo miyala alibe chifukwa chosiyira masamba. Woyenera kusamala ndi amene adapezekapo nayo, pakuti imakonda kubwereranso.

Munthu wotere akafuna bonongwe, amuwiritse m'madzi ambiri, ataye madziwo, kenaka athire tomato ndi anyezi. Gawo la okizaleti limatsalira m'madzimo, ngakhale kuti mavitamini ena amatayikira momwemo. Asatendere, chifukwa nsinjiro nazo zili ndi okizaleti wambiri. M'malo mwake adyere pamodzi ndi usipa kapena matemba osachotsa minga. Kashiyamu wa m'mingamo amagwira okizaleti akadali m'matumbo, ndipo zonse zimatuluka ndi chimbudzi osafika ku impso. Masiku ena aphike mpiru, repu kapena kabichi, zomwe zili ndi okizaleti wochepa.

Chachikulu koposa ndi madzi: malita 2.5 mpaka 3 patsiku. Mkodzo wachikasu kwambiri umasonyeza kuti madzi akuchepa.

Mwala umadziwika ndi ululu woopsa wa m'mbali, m'munsi mwa nthiti, wotsikira kuchinena, nthawi zina ndi magazi mu mkodzo. Wodwala apite kuchipatala, ndipo ngati watentha thupi kapena mkodzo ukukanika, asadikire kuti kuche.