MILOMO IKATUPA TITANGODYA: KODI TITHAMANGIRE LITI KUCHIPATALA?

Ambiri a ife timadziwa munthu amene chakudya china chimamuwenga. Wina akadya mazira amatuluka ziwengo, wina akalawa usipa kapena ngumbi thupi limamuyabwa. Kawirikawiri zimenezi zimatha zokha. Koma nthawi zina kuwenga komweko kumatseka njira ya mpweya, ndipo munthu angathe kumwalira ola limodzi lisanathe. Phunziro la sabata ino litithandize kusiyanitsa ziwirizi.

Chimachitika nchiyani m'thupi?

Thupi lili ndi chitetezo cholimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa anthu ena chitetezochi chimalakwitsa, nkumaona chakudya chabwinobwino ngati mdani. Chakudyacho chikalowa, thupi limatulutsa mankhwala akeake, monga hisitamini, amene amatakasa timitsempha ta magazi mpaka madzi kumatulukira m'minofu. Madziwo akadzaza m'milomo ndi m'zikope, nkhope imatupa. Akadzaza m'lilime ndi pakhosi, mpweya umasowa podutsa. Mitsempha ikatakasuka thupi lonse, magazi safika mokwanira kumutu ndipo munthu amakomoka. Kuwenga koopsa kotereku madokotala amakutcha anafilakisisi.

Zakudya zimene zimachita izi kawirikawiri ndi mtedza, mazira, mkaka, nsomba, soya ndi tirigu. Kwathu kuno mtedza umabisala m'zambiri: nsinjiro za m'ndiwo zotendera, phala la mwana, chiponde ndi futali. Zizindikiro zimayamba pakangopita mphindi zochepa, ndipo kawirikawiri maola awiri asanakwane.

Tiyerekeze zachitika pakati pathu

Tinene kuti kuli chinkhoswe ku Chibavi. Mtsikana wa zaka 9 wadya nsima ndi mpiru wotendera. Patapita mphindi khumi akuti m'kamwa mukuyabwa, mlomo wam'mwamba watupa, pakhosi ndi m'mikono mwatuluka timatuza toyabwa. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho musadikire kuti afiire. Yang'anani kutupa ndi timatuzato.

Apa mulankhulitseni mwanayo. Mufunseni dzina lake ndi sukulu imene amaphunzira. Ngati akuyankha ndi mawu ake a masiku onse, akumeza malovu bwinobwino, akupuma mosavutika ndipo sakumva chizungulire, ndiye kuti vuto likadali pakhungu pokha. Asiye kudya, amwe piritoni pa mlingo wa msinkhu wake, ndipo munthu wamkulu asachoke pambali pake kwa maola angapo, chifukwa zinthu zingasinthe mwadzidzidzi.

Tsopano tinene kuti patapita mphindi zina zisanu mawu ake asasa, akutsokomola mosalekeza, ndipo akamakoka mpweya pakhosi pakumveka kaphokoso. Zafika pena. Chizindikiro chimodzi chokha mwa izi nchokwanira kuti munyamuke nthawi yomweyo:

- lilime kutupa, kulephera kumeza, dovu kumangotuluka;
- mawu kusasa kapena kusamveka;
- kupuma mobanika, chifuwa kulira ngati cha mphumu;
- chizungulire, kufooka, kusokonezeka mutu kapena kukomoka. Mwana wamng'ono amangolobodoka.

Kusanza mobwerezabwereza pamodzi ndi kutupa kapena ziwengo nakonso ndi chenjezo. Dziwaninso kuti anthu ena amabanika popanda chiwengo chilichonse pakhungu, ndipo amene ali kale ndi mphumu ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Zochita pa mphindi zimenezo

Choyamba, mwanayo asaime ndipo asayende. Mugonekeni chagada, miyendo muikweze pa pilo kapena pampando. Ngati akubanika kwambiri akagona, akhale pansi atatambasula miyendo. Mayi woyembekezera agonere kumanzere, ndipo amene wakomoka koma akupuma agonekedwe chammbali. Kumuimiritsa mwadzidzidzi munthu amene magazi ake akuyenda mofooka kungaimitse mtima. Ndiye kupita naye kugalimoto mumunyamule, ndipo galimoto imene angagonemo ndi yabwino kuposa kabaza.

Chachiwiri, pitani kuchipatala chimene chili pafupi, kaya ndi Mzuzu Central ku Luwinga, St John's, kapena china chimene mungafikeko msanga. Musakhale pamzere. Pakhomo pomwe nenani mokweza kuti: “Mwanayu wadya zomuwenga, watupa, akulephera kupuma.” Tchulani chimene wadya ndi nthawi imene anadya.

Chachitatu, musataye nthawi ndi zimene sizithandiza. Pachikondwerero munthu akadwala atangodya, maganizo amathamangira kuti wathiridwa chiphe, ndipo ena amayamba kumumwetsa mkaka kapena makala, ena kumupisa chala kukhosi kuti asanze. Munthu wotupa pakhosi angatsamwe nazo zimenezo. Piritoni nayenso amachepetsa kuyabwa kokha; satsegula pakhosi, ndipo amachedwa kugwira ntchito. Wamphumu angapopere mankhwala ake muli m'njira, koma ulendo usaime chifukwa cha zimenezo.

Chimene akachite kuchipatala

Mankhwala opulumutsa moyo apa ndi jakisoni wa adirenalini, wobaya mumnofu wa kunja kwa ntchafu. Amafinya mitsempha ya magazi, amaphwetsa kutupa kwa pakhosi ndi kutsegula njira za mpweya. Munthu wamkulu amalandira mamiligalamu 0.5, mwana wa zaka 6 mpaka 12, ngati mtsikana wathuyu, mamiligalamu 0.3, ndipo wamng'ono kuposa apo 0.15. Ngati sizinasinthe pakatha mphindi zisanu, amabayanso. Mpweya wa okosijeni ndi diripi zimabwera pambuyo pake. Milingoyi ndailemba kuti mudziwe chimene chikuchitika, osati kuti mubaye nokha. Kumaiko ena anthu owengedwa kwambiri amayenda ndi jakisoni wodzibaya okha. Kuno sapezeka wamba, nchifukwa chake kufulumira panjira ndiko chida chathu.

Mwana akayamba kuseka pakatha theka la ola, makolo amafuna kubwerera kuchinkhoswe. Musakakamire kutuluka. Mwa anthu ena vutoli limabweranso patapita maola angapo ngakhale sanadyenso kanthu, choncho madokotala amafuna kumuyang'anira maola 6 mpaka 12, mwinanso usiku wonse.

Kutupa kwina kosachokera m'mbale

Akuluakulu amene mumamwa mankhwala a BP, onani m'buku lanu la kuchipatala. Enalapirili ndi kaputopirili nthawi zina amatupitsa milomo ndi lilime popanda kuyabwa kapena ziwengo, ngakhale mwa munthu amene wawamwa zaka zambiri, ndipo izi zimachitika kwambiri mwa anthu akuda. Zikatero musamwenso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndi mankhwalawo m'manja kuti akakusinthireni. Lilime likatupa kapena mawu akasintha, thamangani monga tafotokozera.

Pambuyo pake

Pemphani kuti chakudya chomuwengacho chilembedwe patsamba loyamba la buku la kuchipatala. Auzeni aphunzitsi, agogo ndi aliyense womuphikira. Musamuyese ndi kachakudya kochepa kunyumba poti azolowere, pakuti kuwenga kwa mawa kungapose kwa lero, ndipo mthiko umene watakasira ndiwo zotendera ungakhale wokwanira kumudwalitsa. Amayi ndi abambo amene mumaphika pa maukwati, pamaliro ndi pa misonkhano ya m'miphakati, munthu akafunsa ngati m'ndiwo muli nsinjiro musamuone ngati wonyada kapena wokayikira ophika. Muyankheni zoona, ndipo ngati simukudziwa, kafunseni amene waphika.