Mswachi wa Mtengo Uli Bwino, Koma Mwana Asamanidwe Mankhwala Otsukira Mano

Mphekesera ina yazika mizu pamizere ya kuchipatala: akuti mankhwala otsukira mano a m'chubu ndiwo amafiiritsa mano ndi kuwafumbwitsa, choncho banja lanzeru lizingotafuna kamtengo ngati makolo akale. Anamwino atopa nako kuyankha. Mankhwalawa safumbwitsa mano. Chimaboola dzino ndi shuga wotsalira m'kamwa, ndipo mwana amene walandidwa mankhwala koma maswiti akumupatsabe ndiye adzafike kuchipatala tsaya litatupa.

Kamtengo palibe akukanyoza. Kanthambi ka nimu, muzu wa mulala umene amayi a ku Mozambique amatsukira mpaka milomo kufiira, kapena miswaki imene Asilamu ambiri amagwiritsa ntchito asanapemphere, zonsezi zimachotsa litsiro loterera lija limene limamata pamano. Ofufuza atayerekeza miswaki ndi mswachi wa m'sitolo anapeza kuti m'manja mwa munthu wodziwa, ziwirizi zimayeretsa mofanana ndithu. Kanthambi kakhale kakawisi, konenepa ngati pensulo. Munthu asende khungwa kunsonga, atafune mpaka ulusi ufewe, kenako atsuke dzino limodzilimodzi kuchokera ku usinini kupita kunsonga ya dzino. Nsonga yogwiritsidwa kale ntchito idulidwe tsiku lililonse. Mitengo ya utomoni woyera ngati nkhadze isayandikire kukamwa, chifukwa imawotcha.

Kamtengo kali ndi malire ake. Ulusi wake umaloza kutsogolo, motero kuseri kwa mano ndi mano a kumapeto kwenikweni amatsala osatsukidwa, pamene mswachi wa m'sitolo umafikako mosavuta. Amene amakhula mwamphamvu, usinini umabwerera m'mbuyo, muzu wa dzino n'kuonekera, ndipo amayamba kumva kunyerenyetsa akamamwa madzi ozizira.

Malire aakulu ndi awa: kamtengo kamachotsa litsiro, koma sikalimbitsa dzino. Taganizirani mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene wamwa tiyi wa shuga m'mawa, wadya bisiketi pa nthawi yopuma kusukulu, n'kumwa sobo masana. Nthawi iliyonse shuga akalowa, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'litsiro lija timamusandutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuta cholimba cha dzino kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Malovu amayesa kubwezeretsa zimene zasungunuka, koma shuga akabwera pafupipafupi amalephera. Poyamba pamaoneka kachidontho koyera ngati choko pafupi ndi usinini. Pakapita miyezi pamabooka. Fuloraidi wa m'mankhwala otsukira mano amathandiza malovu kumanganso chikutacho, ndipo chomangidwacho chimapirira asidi kuposa choyamba. Kachidontho koyera kangathe kuchira motere. Bowo silitsekeka lokha. Agogo amene anafika ukalamba ndi mano onse sankadya shuga kangapo patsiku monga mwanayu.

Nanga mano ofiira aja? Ku Nathenje, m'madera ena a Machinga ndi m'chigwa cha Shire alipo anthu a mano a mawanga ofiirira. Mawangawa amabwera chifukwa madzi a m'mijigo ina ali ndi fuloraidi wochuluka mwachilengedwe, ndipo mwana amawamwa tsiku ndi tsiku mano akadali kupangika m'nsagwada, asanakwanitse zaka zisanu ndi zitatu. Vuto lili pa kumeza fuloraidi wochuluka kwa zaka zambiri. Mankhwala otsukira mano amalavulidwa. Munthu wamkulu sangafiire mano chifukwa cha iwo, ngakhale atatsukira moyo wake wonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2021. Mwana asalandidwe mankhwala chifukwa cha zonena za pamzere.

Pogula, munthu ayang'ane pachubu nambala ya fuloraidi ya pakati pa 1000 ndi 1500 ppm. Mwana wosakwana zaka zitatu amupakire kadontho kofanana ndi njere ya mpunga, wa zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi kofanana ndi njere ya nsawawa, ndipo wamkulu ayime pompo kuti mwana alavule, asameze. Kutsuka kukhale kawiri patsiku kwa mphindi ziwiri, makamaka usiku asanagone, pakuti m'tulo malovu amachepa. Akamaliza alavule thovu koma asachukuche ndi madzi, kuti fuloraidi atsale pamano.

Banja limene ndalama sizikukwana kugula zonse ziwiri ligule mankhwalawo, n'kumapaka pang'ono pa ulusi wa kamtengo. Aliyense akhale ndi kake, osabwerekana. Shuga achepe. Dzino likayamba kuwawa kapena tsaya kutupa, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo, osaika mbewu ya asipirini kapena madzi a batire pabowo, chifukwa zimenezi zimawotcha usinini dzino likupitiriza kuwola.