Ndimuuze bwanji kuti chikondi chatha?

Funso: Anti, ndimakhala ndi chibwenzi m'chipinda cha lendi ku Yeoville, kuno ku Joni. Sanandilakwire, koma mtima wanga unazizira. Ndimuuze bwanji?

Yankho: Mwanangu, yambani mwapeza kokagona, chifukwa kugonabe chipinda chimodzi mutasiyana kumampatsa chiyembekezo chabodza. Musamuuze pa WhatsApp, kapena m'mawa akuthamangira takisi. Sankhani tsiku lomwe nonse simukupita kuntchito, mukhale pansi, munene kuti: "Sunandilakwire, koma chikondi changa chinatha. Sindikufuna kukunamiza, tisiyane."

Mawu oti "tipume kaye" apeweni, adzakudikirani miyezi. Akalira, msiyeni alire, musabweze mawu. Lendi ya mwezi uno perekani mbali yanu, musamusiye yekha ndi mwininyumba kudziko la eni.